Musafulumire kusintha mutu wa kanema wanu

Munthu akaika kanema pa YouTube n'kuona kuti oonera akuchepa, choyamba chimene amathamangira ndi kusintha mutu. Nthawi zina mutuwo umakhaladi wolakwika, koma nthawi zambiri umafera zaeni. Chimene chingakuuzeni zoona ndi manambala awiri amene ali mu YouTube Studio: mukasankha kanemayo, lowani pa Analytics, kenako pa Reach.

Nambala yoyamba yalembedwa kuti Impressions. Imeneyi ikunena kuti YouTube yaonetsa kangati kachithunzi ndi mutu wa kanema wanu kwa anthu. Kuti kuonetsako kuwerengedwe, theka la kachithunziko kapena kuposerapo liyenera kuoneka pa sikirini kwa nthawi yoposa sekondi imodzi. Yachiwiri ndi Impressions click-through rate, imene ikunena kuti pa maulendo 100 aliwonse amene kachithunzi kanaonetsedwa, ndi kangati pamene munthu anadina n'kuyamba kuonera. YouTube yomwe imanena kuti theka la matchanelo ndi makanema onse limapeza pakati pa 2 ndi 10 peresenti. Koma muyezo wabwino si umenewu ayi. Muyezo wanu ndi makanema anu ena.

Tiyerekeze kuti mayi wina ali ndi tchanelo cha zophikaphika, ndipo makanema ake amapeza pafupifupi 5 peresenti. Waika wina wophunzitsa kuphika chigumu, mutu wake n'kulemba kuti "Kukhitchini kwathu gawo 7". Tsiku lotsatira wapeza kuti kachithunzi kaonetsedwa maulendo 300, ndipo odina ndi 3 peresenti. Amenewo ndi anthu 9 basi. Akanadina anthu ena 6, nambalayo ikanafika pa 5 peresenti yake ija. Pa anthu ochepa chonchi palibe chigamulo, ndipo mayiyu angodikira kaye.

Patha milungu iwiri. Tsopano kachithunzi kaonetsedwa maulendo 20,000, koma odina ndi 1.5 peresenti, kutanthauza anthu 300. Apa nkhani yasintha. YouTube yachita mbali yake, yamuikira katundu pamsika, koma anthu akungodutsa. Asanakhudze mutu, mayiyu aone nambala yachitatu, Average view duration, imene imanena kutalika kwa nthawi imene anthu akuonera. Ngati ochepa amene akudinawo akuonera mpaka chigumu kupsa, ndiye kuti kanemayo alibe vuto. Vuto lili pa mutu kapena pa kachithunzi.

Nanga tidziwa bwanji kuti ndi mutu? Pa Reach pomwepo amaonetsa kumene oonera akuchokera. Amene akuchokera pa YouTube search analemba okha mawu ofufuzira, ndipo amawerenga mitu pofuna kupeza mawu awowo. Munthu amene walemba "chigumu" n'kuona "gawo 7" alibe chifukwa chodinira. Mutuwo sukutchula chakudyacho, komanso ukumuuza kuti waphonya magawo 6. Mayiyu alembe kuti "Kaphikidwe ka chigumu pa mbaula, popanda uvuni". Mawu ofunika akhale koyambirira, chifukwa ngakhale YouTube imalola zilembo 100, pa foni mutu wautali umadulidwa kumapeto.

Pali msampha wina umene umagwira ngakhale akatswiri. Kanema akangotuluka, amayamba kuonetsedwa kwambiri kwa anthu amene amakudziwani kale, ndipo amenewa sachedwa kudina. Akayamba kufika kwa alendo, peresenti imatsika. Tinene kuti inali 9 pa maulendo 1,000, kenako yatsika kufika pa 4 pa maulendo 30,000. Poyamba odina anali 90, tsopano ndi 1,200. Kanema ameneyu akuyenda bwino, musamugwire. Peresenti ikamatsika pamene maulendo oonetsedwa akukwera, si matenda.

Komanso kwathu kuno, kumene makanema ambiri amayenda pa magulu a WhatsApp ndi pa Facebook, tizidziwa kuti anthu odina linki kumeneko salowa m'manambala awiriwa. Mukhoza kukhala ndi oonera ambiri ochokera kwa achibale ndi a kumpingo, pamene mutu wanu sukukopa mlendo ndi mmodzi yemwe.

Mukaganiza zosintha, sinthani mutu wokha, kachithunzi mukasiye. Mukasintha zonse ziwiri tsiku limodzi simudzadziwa chimene chathandiza. Lembani penapake tsikulo ndi peresenti imene inalipo, ndipo pakatha mlungu yerekezani masiku a mutu watsopano ndi a mutu wakale, poyang'ana oonera ochokera malo amodzimodzi. Ngati odina achuluka koma nthawi yoonera yagwa, mutu watsopanowo walonjeza zimene mulibe m'kanemamo. Ukonzeni kuti unene zimene zilimodi.