Kalata yopepesa isakhale ndi "koma"

Tiyerekeze banja lina. Bambo afika madzulo n'kufunsa za K20,000 imene anasiya m'mawa. Mayi asanatsegule pakamwa, bambowo alankhula pamaso pa ana ndi mlamu kuti, "Ndalama zikafika m'manja mwanu zimasungunuka ngati mchere." Chonsecho mayiwo anagulira mayunitsi a magetsi ndi mankhwala a mwana. Usiku umenewo agona mofulatirana.

Nkhani yotereyi si yoitanira ankhoswe, koma ikasiyidwa imatukusira. Kakalata kamathandiza chifukwa pepala silidulidwa mawu, ndipo wolakwiridwayo amawerenga pamene mtima wake watsika.

Vuto ndi lakuti ambiri amalemba chonchi: "Pepani ngati ndinakukhumudwitsani, koma nanunso mukanandiuza msanga. Ndinali nditatopa." Mawu akuti "ngati" akusonyeza kuti wolembayo akukayika zoti analakwa, pomwe misozi anaiona ndi maso ake. "Koma" akubweza mlandu kwa mayi. Kutopa n'koona, komabe kukalowa m'kalata kukupempha wolakwiridwayo kuti ayambe ndiye kumvera chisoni wolakwa.

Kalata yochokera pansi pa mtima imatchula cholakwacho ndi dzina lake:

"Amake Chisomo, dzulo ndinakunenani kuti mumasakaza ndalama, ndisanamve n'komwe mbali yanu. Ndinakuchititsani manyazi pamaso pa ana ndi pamaso pa mlongo wanga. Mawu aja anali abodza, ndipo ndinalakwa ndine. Pepani. Madzulo ano ndiwauza onse amene anamva kuti ndinakunamizirani. Kuyambira lero za ndalama ndizikufunsani kuchipinda, tili awiri. Musadzikakamize kundiyankha lero. Ndine bambo a Chisomo."

Onani kuti bambowa abwereza mawu enieni amene anapweteka. Kungoti "zimene zinachitika dzulo" kukanamveka ngati ngozi yopanda mwini. Atchulanso chilonda chenicheni, chomwe ndi manyazi osati ndalama. Popeza chipongwecho chinachitika pagulu, pepala lokha silingachichotse: amene anamva kunyozako amvenso kukonzako. Lonjezo lawo ndi laling'ono komanso looneka, loti mayi angalitsimikize mwezi ukatha, kusiyana ndi "sindidzakukhumudwitsaninso", zimene palibe munthu angakwanitse.

Musanapereke kalata yanu, iwerengeni n'kufufuta chiganizo chilichonse chonena zimene mnzanuyo anachita kapena akanachita. Ngati muli ndi dandaulo lanu, lisungireni tsiku lina, chifukwa likakwera pamsana pa "pepani" limamuthyola.

Kalata ili ndi malire ake. Pamene pali kumenya, kuopseza kapena kunyoza kwa tsiku ndi tsiku, imeneyo ndi nkhanza, yofunika ankhoswe ngakhalenso apolisi. Ndipo ngakhale pa kakangano kakang'ono, kukhululuka kuli m'manja mwa wolakwiridwa. Mayi aja akhoza kupinda kalatayo osanena kanthu, n'kudikira kuti madzulo amve zimene bambo awauze ana ndi mlamu.