Kodi mumadziwa? Singano ya geji siyiuza malita enieni

Ku Nsanje, dalaivala akatumiza chithunzi cha geji ya mafuta kwa mwini galimoto, mkangano umayambira pa singano. Tiyerekeze kuti thanki ndi ya malita 80 ndipo singano yaima pakati pa 1/4 ndi 1/2. Pamenepo ndi 3/8, ndipo 3/8 ya 80 ndi malita 30.

Koma musanene kuti ndi 30 ndendende. Danga la pakati pa mizere iwiriyo likuimira malita 20, ndipo diso likayesetsa limagawa dangalo panayi basi. Choncho yankho loona ndi 30 ± 5, kutanthauza pakati pa malita 25 ndi 35. Wonyamuka pa boma la Nsanje kupita ku Blantyre awerengere 25, chifukwa akadutsa Chikwawa pali chitunda cha Thabwa chimene chimamwa mafuta.

Chithunzicho nachonso chimanama. Singano imakhala pamwamba pang'ono pa manambala, ndiye mukajambulira chakumbali imaoneka ngati yasuntha. Jambulani molunjika, galimoto itaima pamalo athyathyathya injini ikulira, pakuti pachitunda mafuta amapendekera mbali imodzi. Komanso thanki siyofanana kukula pamwamba ndi pansi, nchifukwa chake theka lomaliza limaoneka ngati likutha msanga m'galimoto zambiri.

Choyezera kutentha n'chimodzimodzi. Ngati mizere yake imalumpha madigiri awiriawiri, ndipo masana a Novembala chaima pakati pa 40 ndi 42 pamthunzi, lembani 41 ± 1.