Kuyeza uphungu wa kulera pachipatala

Kaundula wa sikelo ya kulera amaonetsa chiwerengero cha amayi amene abayitsa jakisoni wa Depo, koma sanena ngati mayiyo anauzidwa kuti msambo ukhoza kusokonekera kapena kusiyiratu. Wophunzira unamwino amene akufuna kuyeza uphungu pa kafukufuku wake womaliza asadalire kaundulayo.

Kukhala m'chipinda n'kumaonerera nakonso kuli ndi vuto lake: namwino akadziwa kuti akuonedwa, amalongosola bwino kuposa masiku onse. Chanzeru n'kufunsa amayi akamatuluka, pamalo poduka mphepo, atavomera okha komanso komiti yoona za kafukufuku italoleza. Mafunso atatu ndi okwanira poyambira: kodi munauzidwa za njira zina? Munauzidwa zovuta za njira mwasankhayi? Nanga chochita zikakugwerani?

Tiyerekeze kuti mwafunsa amayi 40, ndipo 30 anauzidwa za zovutazo, koma amene ayankha inde pa onse atatu ndi 12. Zotsatira zanu ndi 12 mwa 40, osati 30. Funso lakuti “mwakhutira?” lisiyeni, mayi amene adzabweranso pakatha miyezi itatu sangadandaule za namwino wake pakhomo pomwepo.