Puloti ya thukuta la ku Joni

Kusunga ndalama uli kunja n'kovuta, koma kuzisandutsa malo amene ndi akodi n'kovuta koposa. Nkhani ya mtsikana wina wa ku Lunzu, yemwe sitimutchula dzina, ikuonetsa pamene ambiri amagwera ndi momwe iye anadutsira.

Mtsikanayu ankagwira ntchito ya m'nyumba ku Johannesburg. Mwezi ukatha ankagawa malipiro ake patatu: za lendi ndi chakudya, zotumiza kwa mayi ake pa Mukuru, ndi zina zomwe sankazikhudza. Zosungazo anazisiya m'marandi, sanazitumize kumudzi. Nzeru imeneyi inaoneka mu Novembala 2023, pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Amene anasungitsa makwacha kwa abale anaona mitengo ya simenti, malata ndi malo ikuwathawa, pomwe marandi ake anasinthika kukhala makwacha ochulukirapo.

Tsiku lina mchimwene wake anamutumizira zithunzi pa WhatsApp. "Chemwali, malo apezeka, otchipa kwabasi. Tumizani msanga, pali wina akuwafunanso." Iye anayankha kuti abwera yekha pa Khirisimasi. Mawu akuti "pali wina akuwafunanso" ndi nyambo yodziwika ya madobadoba, ndipo chithunzi sichionetsa mwini malo, malire, kapena madzi amene amadikha pamenepo mu Febuluwale.

Atafika anapeza kuti malowo ndi a makolo, a m'manja mwa mafumu. Wogulitsa anali mwana mmodzi wa banjalo. Mtsikanayo anamufunsa kuti, "Kodi amalume anu ndi azichemwali anu akudziwa?" Bamboyo anayamba kuzemba. Kumadera kumene malo amayenda kuchikazi, mwamuna sangangodula gawo n'kugulitsa eni mbumba asanavomere, ndipo milandu yambiri imayambira pomwepo: nyumba yafika pamawindo, kwatulukira abale akuti malowo sanagulitsidwe. Atacheza ndi mayi wina woyandikana nawo, anamvanso kuti munthu wina anabwerapo kale n'kuthirapo mchenga. Mulu wa mchenga kapena njerwa pa puloti yomwe akuti ilibe mwini ndi chizindikiro choti wina analipirapo. Anawasiya.

Puloti yachiwiri inali yodulirapo, ya mamita 20 m'lifupi ndi 30 m'litali, koma inali ndi lizi ya zaka 99 yochokera ku boma. Sanakhutire ndi fotokope yomwe wogulitsa anamuonetsa. Anatenga nambala ya pulotiyo n'kupita ku ofesi ya unduna wa zamalo ku Blantyre, komwe analipira kuti amuonere m'kaundula. Kafukufuku ameneyu amaulula zinthu zofunika: dzina la mwini weniweni, ngati malowo anaperekedwa chikole ku banki, komanso ngati wina anaikapo chiletso chifukwa cha mkangano. Anafunsanso ngati pali ngongole ya lendi ya malo imene mwini lizi amalipira ku boma chaka ndi chaka. Dzina la m'kaundula linafanana ndi la pa chiphaso cha unzika cha wogulitsayo.

Kenako anaitana woyeza malo kuti afukule mabikoni, timiyala ta simenti tosonyeza ngodya za puloti. Bikoni imodzi inapezeka mkati mwa munda wa chimanga wa woyandikana naye. Anakambirana pomwepo, chingwe chili m'manja, ndalama zisanatuluke. Akanazindikira atamanga kale mpanda, ukanakhala mlandu wa zaka.

Polipira anakana kupereka ndalama pamanja. Anadutsira ku banki kuti pakhale umboni, ndipo anayamba wapereka gawo chabe, zotsala n'kudikira mapepala osinthira umwini atasainidwa pamaso pa loya. Apa mpamene panabuka nkhani yovuta kuposa zonse. Mchimwene wake anati, "Poti mukubwerera ku Joni, lembani dzina langa kuti ndizikuyendetserani zinthu." Iye anayankha mwaulemu kuti, "Achimwene, kuyang'anira muziyang'anira, koma dzina likhale langa." Pamaso pa lamulo, mwini malo ndi amene dzina lake lili m'kaundula, osati amene anachapa ndi kusita kuti ndalamazo zipezeke. Ngati pakufunika wina woti azisaina m'malo mwako, loya amalemba chikalata chomupatsa mphamvu pa ntchito yokhayo, umwini n'kukhalabe wako.

Zonsezi zinadya ndalama zomwe ambiri saziwerengera: za woyeza malo, za loya, za msonkho wosinthira umwini ndi zoyendera. Ndalama zomwe ankafuna kuyambira maziko zinathera pamenepo. Anangokwanitsa kuzika mitengo ndi waya kuzungulira pulotiyo, n'kulola mayi ake kuti azilimapo, popeza malo ongokhala tchire amaitana olowerera. Mu Januwale anakwera basi yodutsa pa Mwanza kubwerera kuntchito, kukayamba kusunga za njerwa.