Mipata, malire ndi mabatani: kukonza fayilo ya i3 kuti mawindo azidziyala okha

Pa kompyuta zambiri, mukatsegula mapulogalamu atatu, mawindo ake amasanjikizana ndipo mumatha nthawi mukuwakoka ndi mausi kuti muone lomwe labisika kumbuyo. Anthu ena ogwiritsa ntchito Linux anasiya zimenezi. Iwo amagwiritsa ntchito mapulogalamu amene amayala mawindo ngati matailosi a pansi: lililonse limapatsidwa malo ake, palibe lokwera pa linzake, ndipo dzanja silichoka pa kiyibodi. Imodzi mwa mapulogalamu otchuka amtunduwu ndi i3, imene Michael Stapelberg wa ku Germany anaitulutsa mu 2009. Ilibe tsamba la zithunzi losinthira maonekedwe. Zonse zimalembedwa m'fayilo imodzi ya mawu, `~/.config/i3/config`, ndipo mzere uliwonse umene mwalembamo umakhudza malo enieni pa sikirini. N'chifukwa chake ndi bwino kuwerengetsa musanakopere manambala a munthu wina.

Tsiku loyamba, i3 imafunsa batani limene lidzakhale lotsogolera malamulo onse, kaya Alt kapena la chizindikiro cha Windows. Mukasankha la Windows, m'fayilo mumalembedwa `set $mod Mod4`, ndipo paliponse pamene pali `$mod` pakutanthauza batani limenelo. Ambiri amakonda limeneli chifukwa Alt imagwira kale ntchito m'mapulogalamu ena ndipo ingamalimbane ndi i3. Musanasinthe chilichonse, sungani kope la fayiloyi, kenako onani kuti i3 yanu ndi ya liti.

```
cp ~/.config/i3/config ~/.config/i3/config.bak
i3 --version
```

Nambala imene ituluke ndi yofunika. Kwa zaka zingapo, i3 inalibe mipata pakati pa mawindo, ndipo oifuna ankaika mphukira ina yotchedwa i3-gaps imene Ingo Bürk ankaisamalira. Ziwirizi zinaphatikizidwa mu i3 4.22, yomwe inatuluka mu Januwale 2023. Debian 12 ili ndi 4.22, koma Ubuntu 22.04 inabwera ndi 4.20.1. Choncho ngati mwalemba mzere wa mipata molondola koma pamwamba pa sikirini pakutuluka uthenga woti fayilo ili ndi vuto, yambani mwakayikira kuti pulogalamuyo ndi yakale.

Mipata ilipo ya mitundu iwiri. Wamkati ndi umene umalekanitsa windo ndi linzake, wakunja ndi wa m'mphepete mwa sikirini.

```
gaps inner 10
gaps outer 5
smart_gaps on
```

Chimene chimasokoneza ambiri n'chakuti mpata wakunja umawonjezedwa pa wamkati. Ndi manambala ali pamwambawa, pakati pa mawindo awiri pakhala mapikiseli 10, koma m'mphepete mwa sikirini pakhala 15. Ngakhale mutalemba `gaps outer 0`, m'mphepete mudzatsalabe 10. Wofuna kuti mawindo agunde m'mphepete penipeni amalemba `gaps outer -10` kuti afafanize wamkati uja. Mzere wachitatu umachotsa mipata yonse pamene windo lili lokha, popeza palibe choti lilekane nacho.

Tiyeni tiwerengetse pa laputopu wamba ya sikirini ya 1366 ndi 768, imene tikufuna kuikapo mateminolo awiri moyandikana. Teminolo ndi windo lolemberamo malamulo, ndipo mwamwambo mapulogalamu ake ambiri amayembekeza kuti mzere umodzi ukwana zilembo 80. Tikachotsa 15 kumanzere, 15 kumanja ndi 10 pakati, pa 1366 patsala 1326, ndiye kuti windo lililonse lipeza 663. Malire a mapikiseli 2 mbali zonse ziwiri adya 4, patsala 659. Ngati chilembo chimodzi chitenga mapikiseli 8 m'lifupi, mukwana zilembo 82, ndipo zinthu zili bwino.

Tsopano tiyerekeze kuti munthu waona chithunzi chokongola cha kompyuta ya mnzake n'kukopera mpata wamkati wa 30 ndi wakunja wa 10. M'mphepete mupita 40 mbali iliyonse, pakati 30, zonse pamodzi 110. Windo lililonse latsala ndi 628, ndipo malire akachotsedwa ndi 624, zomwe ndi zilembo 78 zokha. Mizere iyamba kuduka n'kugwera pansi, matebulo a manambala n'kusokonekera. Mwini chithunzi uja mwina anali ndi sikirini ya 1920 kapena kuposa, pamene mipata yotere sipweteka. Pa sikirini yaing'ono, mpata wamkati wa pakati pa 5 ndi 10 ndi wokwanira kuti diso lisiyanitse mawindo.

Malire ali ndi ntchito yoposa kukongoletsa. Pamene mukuyendetsa zonse ndi kiyibodi, muyenera kudziwa windo limene likulandira zimene mukulemba, apo ayi lamulo lopita ku teminolo lingathere m'kalata. Mwachibadwa i3 imaika kachigamba ka dzina pamwamba pa windo lililonse, kamene kamadya malo a mzere wathunthu. Mukhoza kukachotsa n'kusiya mzere wopyapyala wokha.

```
default_border pixel 2
hide_edge_borders smart
client.focused #4c7899 #285577 #ffffff #2e9ef4 #ff8800
```

Mzere woyamba ukuti malire akhale mapikiseli 2 popanda dzina. Wachiwiri ukubisa malirewo pamene windo lili lokha. Wachitatu uli ndi mitundu isanu ya windo limene mukugwiritsa ntchito, ndipo apa ndi pamene ambiri amataya nthawi. Amasintha mtundu woyamba, palibe chimene chikuoneka, n'kuganiza kuti fayilo siikumveka. Mitundu itatu yoyamba ndi ya kachigamba ka dzina kaja, kamene mwakachotsa kale. Mzere wozungulira windo umatenga mtundu wachisanu, umene pano ndi wa lalanje. Wachinayi umawala mbali imodzi yokha, kusonyeza kumene windo lotsatira lidzatsegukire.

Mukasunga fayilo, dinani `$mod+Shift+c` kuti i3 iiwerengenso. Mudzaona kuti mawindo amene anali otsegula kale akadali ndi malire akale. Sikuti mwalakwitsa: `default_border` imagwira pa mawindo atsopano okha. Tsegulani lina muone, kapena lembani `i3-msg '[class=".*"] border pixel 2'` kuti onse asinthe nthawi imodzi. Palinso `$mod+Shift+r`, imene imayambitsanso i3 popanda kutseka mapulogalamu anu, ndipo imathandiza pamene kusintha kwina kukukana kuoneka.

Kayalidwe ka mawindo ndiko kamafuna kumvetsa kwenikweni. Kwa i3, windo lililonse limakhala m'bokosi, ndipo bokosi likhoza kukhala m'bokosi linzake. Bokosi lililonse lili ndi lamulo lake la kayalidwe: chopingasa, chotsika, kapena kubisa mawindo kumbuyo kwa timayina. Tiyeni tipange malo ogwirira ntchito a mawindo atatu, lalikulu kumanzere ndi awiri aang'ono kumanja. Dinani `$mod+Enter`, teminolo idzaza sikirini yonse. Dinaninso, yachiwiri ibwera kumanja kwake, chifukwa sikirini yotambalala imayamba ndi kayalidwe kopingasa. Tsopano dinani `$mod+v`. Palibe windo limene lisunthe, koma ngati munaika mtundu wachinayi uja, malire a pansi a windo la kumanja asintha mtundu. Chachitika n'chakuti i3 yalikulunga m'bokosi latsopano lotsika. Mukadinanso `$mod+Enter`, teminolo yachitatu ilowa pansi pa yachiwiri, ya kumanzere osakhudzidwa.

Muli kumanja komweko, `$mod+w` isandutsa mawindo awiri aja kukhala timayina tondandalika pamwamba, limodzi lokha n'kumaoneka, pomwe `$mod+s` iika timayinato kena pansi pa kanzake, ndipo `$mod+e` ibwezeretsa kugawana malo. Zonsezi zikukhudza bokosi la kumanja lokha. Munthu akadandaula kuti wadina `$mod+w` koma mawindo ena sanamvere, chifukwa chake n'chimenechi. Kuti lamulo ligwire mawindo onse atatu, kwerani kaye ndi `$mod+a`, imene imasankha bokosi lonse m'malo mwa windo limodzi, kenako dinani lamulo la kayalidwe.

Mabatani osamukira pa windo lina mwachibadwa ndi j, k, l ndi `;`, kuwonjezera pa mivi. Ozolowera pulogalamu yolembera ya Vim amafuna h, j, k, l, ndipo akangosintha amagundana ndi vuto: `$mod+h` inapatsidwa kale ntchito yogawa bokosi chopingasa. Batani limodzi likapatsidwa ntchito ziwiri, i3 imatulutsa chenjezo pamwamba pa sikirini. Njira yake ndi kusamutsa ntchito yakaleyo.

```
bindsym $mod+h focus left
bindsym $mod+j focus down
bindsym $mod+k focus up
bindsym $mod+l focus right
bindsym $mod+b split h
```

Sinthani mizere imene ilipo kale m'fayilo, musawonjezere yatsopano kumapeto, chifukwa j, k ndi l nazonso zili ndi mizere yake yakale. Sway, pulogalamu yofanana ndi i3 imene imayenda pa Wayland m'malo mwa X11, imabwera ndi mabatani amenewa kuyambira pachiyambi, ndipo mizere yambiri ya m'nkhani ino imamveka kumenekonso.

M'malo moyerekeza manambala a mipata m'fayilo mobwerezabwereza, mukhoza kudzipangira kachipangizo koyesera ndi maso.

```
mode "mipata" {
    bindsym Up gaps inner current plus 5
    bindsym Down gaps inner current minus 5
    bindsym Escape mode "default"
}
bindsym $mod+g mode "mipata"
```

Mukadina `$mod+g`, mawu akuti `mipata` aoneka pa kamzere ka i3 ka pansi pa sikirini, ndipo mivi ya m'mwamba ndi pansi ikulitsa kapena kuchepetsa mpata ndi mapikiseli 5. Mzere wa Escape musauiwale. Muli mkati muno mabatani ena onse a i3 amagona, kotero popanda potulukira zimaoneka ngati kompyuta yauma. Zikatero, lembani `i3-msg mode default` mu teminolo imene muli. Dziwaninso kuti zimene mwasintha ndi mivi sizilembedwa m'fayilo, choncho werengani kuti mwadina kangati ndipo mulembe nokha nambala imene yakukomerani.

Lamulo la `i3 -C` limawerenga fayilo n'kutchula mzere wolakwika popanda kusintha chilichonse pa sikirini, ndipo likangokhala chete ndiye kuti kalembedwe kali bwino. Koma silingakuuzeni kuti mipata yadya zilembo ziwiri pa teminolo yanu. Zimenezo muone nokha: ikani mateminolo awiri moyandikana n'kulemba `tput cols` mu imodzi. Ikayankha 80 kapena kuposa, manambala anu akuyenerana ndi sikirini yanu. Ikayankha 78, chepetsani mpata wamkati ndi 5 n'kuyesanso.