Kubetcha pa wosewera mmodzi mu NBA: yambani mwawerenga mphindi

Pa masewero a basiketibolo a ligi ya NBA ku America, anthu ambiri masiku ano sabetcha kuti timu iti ipambane. Amasankha wosewera mmodzi n'kubetcha pa zomwe iye yekha achite: mapointi omwe agoletse, kapena maribaundi, kutanthauza mipira yomwe awakhe ina ikaphonya dengu. Kampani yobetchera imaika laini, mwachitsanzo mapointi 23.5, ndipo inu mumasankha Over ngati mukuona kuti apitirira, kapena Under ngati safikapo. Theka lili kumapetolo amaliikira dala, kuti pasakhale kufanana mphamvu.

Nanga 23.5 imachokera kuti? Gemu ya NBA imatenga mphindi 48, makota anayi a mphindi 12, koma ngakhale akatswiri samaliza zonsezo. Ambiri amasewera pakati pa 30 ndi 36. Tiyerekeze wosewera yemwe amagoletsa mapointi 7 pa mphindi 10 zilizonse. Akasewera mphindi 34 timayembekezera mapointi pafupifupi 24, ndipo laini ija yagona pomwepo. Kochi akamudula mphindi zisanu ndi imodzi, n'kusewera 28 zokha, chiyembekezo chimatsikira pansi pa 20. Luso lake ndi lomwelo, dzanja lake silinafooke, koma wobetcha Over wadyedwa kale.

Zodya mphindi zilipo zambiri, ndipo yoopsa kwambiri ndi gemu yopendekera mbali imodzi. Timu ikatsogola ndi mapointi 25 polowa kota yomaliza, makochi onse awiri amakhazika akatswiri awo pa benchi n'kulowetsa anyamata. Ndiye timu ya wosewera wanu ikamakumana ndi timu yofooka, musafulumire kumwetulira: mwina agoletsa mosavuta m'makota atatu, yachinayi n'kuionerera atakolekera thaulo m'khosi. Mafaulo nawo amavuta. Wosewera amatulutsidwa akafika pa asanu ndi limodzi, choncho akapanga awiri m'kota yoyamba kochi amakonda kumupumitsa msanga. Ndipo timu ikamasewera masiku awiri otsatizana, okulirapo msinkhu amawachepetsera ntchito.

Mnzake wa m'timu akavulala zinthu zimatembenuka. Mphindi ndi mipira ya wovulalayo zimagawidwa kwa otsala, ndipo malaini awo amakwera nkhaniyo ikangomveka. Apa wobetcha wa ku Malawi kapena Zambia ali pa mpanipani, chifukwa magemu ambiri amayamba kuno kuli pakati pa usiku kapena mbandakucha. Mukabetcha madzulo n'kukagona, mndandanda wa ovulala ukhoza kusintha muli mtulo.

Za amene akukumana naye zimabwera pachiwiri. Wogoletsera pafupi ndi dengu amavutika akapeza Rudy Gobert wa Minnesota Timberwolves, yemwe wasankhidwa kanayi kukhala wotchinga wopambana mu ligiyi, ataima pamenepo. Woponyera patali sizimukhudza kwenikweni. Matimu othamanga amaponya kambiri n'kuphonyanso kambiri, motero maribaundi amachuluka. Koma zonsezi kampani imazidziwa ndipo inaziwerengera kale mu laini. Kuona kuti wosewera wapitirira laini m'magemu asanu apitawa si nzeru yobisika ayi, aliyense waona zomwezo.

Kampani sidikira kuti mulakwitse kuti idye. Kawirikawiri mbali zonse ziwiri zimalipira pafupifupi 1.87, kutanthauza kuti madola 100 amabweza 187 mukapambana. Pa mtengo umenewu muyenera kulondola koposa ka 53 pa 100 kuti mungobweza zanu.

Kuti mphindi ndizo mwini nkhani, zinaonekera poyera mu 2024. Jontay Porter wa Toronto Raptors anali wosewera wa pa benchi, wosatchuka. Pa 20 Malichi, pokumana ndi Sacramento Kings, anasewera mphindi zitatu zokha n'kutuluka ati wadwala. Kafukufuku wa NBA anapeza kuti gemu isanayambe anali atauza wobetcha wina za thanzi lake, ndipo munthu wina anaika madola 80,000 pa Under ya zochita zake zingapo pamodzi, kuti awine madola 1.1 miliyoni. Ndalama zochuluka chotere pa wosewera wosadziwika zinadabwitsa a kampani, ndipo sanalipire. Mu Epulo chaka chomwecho NBA inamuletsa kusewera mu ligiyi moyo wake wonse. Porter sanafunike kuphonya dala ngakhale mpira umodzi. Kungochoka m'bwalo kunali kokwanira.

Makampani ambiri amabweza ndalama ngati wosewera sanalowe n'komwe, koma akangoponda m'bwalo, ngakhale kwa mphindi imodzi, beti imakhala yagwira. Werengani lamulo limeneli pa kampani yanu musanaike khobidi.