Amisiri awiri okonza DNA

Dzuwa la mu Okutobala likatentha khungu, cheza chake chosaoneka chimamata pamodzi zilembo ziwiri za T zoyandikana pa ulusi wa DNA. Ulusiwo umapindika, ndipo selo limavutika kuuwerenga.

Apa pamafika gulu la mapuloteni lotchedwa NER. Gululi silisamala kuti chaononga ulusi n'chiyani, kaya ndi dzuwa, kaya ndi mankhwala a mu utsi wa fodya omatirira pa chilembo G. Chimene limafufuza ndi kupindika basi. Likapeza malowo, limatsegula ulusi, n'kudula uku ndi uku, n'kuchotsa chidutswa cha zilembo pakati pa 24 ndi 32. Mpatawo umadzazidwa potengera ulusi unzake wosaonongeka.

Koma zilonda zina sizipinda ulusi kwenikweni. Chilembo C chimatha kusanduka chokha n'kukhala U, chomwe malo ake si mu DNA. Mpweya wa okosijeni nawonso umaononga G. Zoterezi ndi ntchito ya BER, njira imene Tomas Lindahl anayamba kuitulukira mu 1974. Apa chilonda chilichonse chili ndi puloteni wochizindikira, amene amazula chilembo cholakwikacho chokha. Kawirikawiri chilembo chimodzi chatsopano chimakwanira kutseka mpata.

Kusiyanaku kumaonekera momvetsa chisoni kwa ana obadwa ndi matenda a XP. Matendawa si ualubino: chosowa si mtundu wa khungu koma NER yogwira ntchito. BER yawo ili bwino, koma siingachotse zomata za dzuwa, choncho ambiri amadwala khansa ya pakhungu asanakwanitse zaka 10.